Ola limodzi pa sabata: momwe chiwerengero cha malova chimadumphira wa ganyu wa ku Chipata

Wofunsa mafunso wa ku ZamStats, bungwe la boma loona za ziwerengero m'Zambia, akafika pakhomo ku Kapata kapena ku Mchini safunsa kuti "kodi muli pa ntchito?" Akadafunsa choncho, ambiri akadapukusa mutu, chifukwa munthu wa kuno akamva za ntchito amaganiza za malipiro a pakutha pa mwezi, monga a mphunzitsi kapena a namwino. Funso lake limakhala lina. Amafunsa ngati m'masiku 7 apitawa munagwirako chilichonse cholandirapo ndalama kapena chopezerapo phindu, ngakhale kwa ola limodzi lokha. Mayi amene anakazinga zitumbuwa Loweruka m'mawa n'kugulitsa pakhomo ayankha kuti inde. Mnyamata amene anatsitsa matumba a simenti pa galimoto ku Down Shops tsiku limodzi, masiku ena onse n'kukhala pansi pa mtengo, nayenso ayankha kuti inde. Onse awiri m'mabuku a boma alembedwa kuti ali pa ntchito.

Lamulo la ola limodzili si la Zambia yokha. Ndi muyezo umene mayiko anagwirizana kudzera ku bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse, ndipo silinaikidwe mwa chibwana. Cholinga chake n'chakuti ntchito iliyonse imene ikuwonjezera kanthu pa chuma cha dziko iwerengedwe, ndiponso kuti lova akhale munthu amene alibiretu ntchito. Kuti munthu wa zaka 15 kapena kuposa alembedwe kuti ndi lova, pamafunika zinthu zitatu nthawi imodzi. Asanagwire ntchito ya ndalama ngakhale ola limodzi m'sabatayo, akhale kuti wachitapo kanthu kufunafuna ntchito m'masabata anayi apitawa, ndipo akhale wokonzeka kuyamba ikapezeka. Chimodzi chikasowa, munthuyo si lova. Akhoza kukhala wa njala, wa ngongole, wokhumudwa, koma m'chiwerengero cha malova salowamo.

Kawerengedwe kakenso kali ndi pobisalira. Malova sagawidwa ndi anthu onse a m'dziko. Amagawidwa ndi gulu la anthu amene ali pa ntchito kuphatikiza malova omwewo. Ana a sukulu, nkhalamba zopuma, ndi aliyense amene sakufunafuna ntchito amaikidwa pambali. Choncho tikamva kuti ulova m'Zambia uli pa 12 kapena 13 pa 100, monga zakhala zikumvekera zaka zapitazi, sizikutanthauza kuti anthu 87 mwa 100 alionse amene timakumana nawo mumsewu wa Umodzi ali ndi ntchito yowadyetsa.

Akatswiri a za chuma amagawa ulova m'mitundu itatu malinga ndi chimene chaubweretsa. Woyamba ndi wosaopsa kwenikweni, ndipo sutha m'dziko lililonse. Ndi ulova wa munthu amene ali pakati pa ntchito ziwiri, kapena amene wangomaliza maphunziro ndipo akudikira kuti akumane ndi womulemba. Ntchito ilipo, munthu woidziwa alipo, koma sanapezane. Makaniko amene wachoka pa galaja ina ku Katete n'kubwera ku Chipata amatha masabata angapo akuyenda m'magalaja, mwini galaja wina ku Kapata akusowa munthu wodziwa injini za dizilo, onse awiri osadziwana. Mankhwala ake ndi uthenga: kulengeza ntchito poyera, pa wailesi, osati kunong'onezana pa chibale. Chizindikiro chake n'chakuti sukhalitsa. Munthu akadikira chaka, zaka ziwiri, zaka zinayi, umenewo sulinso ulova wongodikira.

Apa ndi pamene pali nkhani ya aphunzitsi. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi, koma amene anafunsira ntchitoyo anaposa 100,000. Ena mwa iwo anali atasunga mapepala awo m'chikwama kwa zaka zambiri. Munthu wotere sitinganene kuti akungodikira kukumana ndi womulemba. Makoleji anatulutsa aphunzitsi ochuluka kuposa malo amene boma linali ndi ndalama zowalipirira, ndipo luso lophunzitsa ana a giredi 4 silikuthandiza kwenikweni pa ntchito ya kuwotcherera zitsulo. Umenewu ndi mtundu wachiwiri, ulova wozika mizu, umene umabwera pamene luso la anthu, kapena malo amene akukhala, sizikugwirizana ndi ntchito zimene chuma chikufuna.

Chipata imaudziwa bwino ulova umenewu. Kuno kunali fakitale ya njinga ya Luangwa Industries, imodzi mwa mafakitale amene boma la Kenneth Kaunda linamwaza m'zigawo, monga ya mabatire ku Mansa, ya magalasi ku Kapiri Mposhi ndi ya nsalu ya Mulungushi ku Kabwe. Boma la MMD litalowa mu 1991 linatsegula malire a malonda n'kuyamba kugulitsa makampani a boma. Katundu wotchipa wa kunja analowa, salaula anadzaza m'misika, ndipo mafakitale ambiri otere analephera kupikisana naye. Munthu amene anatha zaka zake akumanga mawilo a njinga pa makina sanachotsedwe chifukwa cha ulesi, kapena chifukwa chakuti chaka chimenecho malonda anavuta. Ntchito yakeyo inachoka m'dziko, ndipo ngakhale chuma chitayambanso kukula m'zaka za m'ma 2000, chinakulira ku migodi ya ku Solwezi, ku zomangamanga ndi ku mafoni, osati ku makina ake aja. Ichi ndicho chimasiyanitsa ulova wozika mizu ndi mitundu ina: chuma chikachira, wokhudzidwayo sachira nacho.

Zomwezi zikuchitika pang'onopang'ono pamaso pathu, popanda fakitale yotsekedwa kapena kalata yochotsa munthu ntchito. Mzinda uno unatchuka ndi njinga zonyamula anthu, za kampando kofewa kumbuyo. Njinga zamoto zitachuluka, wokwera amene akuthamangira ku chipatala kapena ku siteshoni ya mabasi amasankha yothamanga. Wopalasa uja luso lake lidakalipo, miyendo idakali yolimba, koma msika wasamuka. Kuti ausatire afunika ndalama zogulira njinga yamoto kapena munthu womubwereka, laisensi, ndi kuphunzira kuyendetsa. Amene sangakwanitse sakhala pakhomo. Amapitabe pa siteji.

Mtundu wachitatu umayenda ndi kukwera ndi kutsika kwa chuma chonse. Anthu akasiya kugula, makampani amachepetsa antchito, ndipo ochotsedwawo nawonso amasiya kugula. M'Zambia gudumu limeneli nthawi zambiri limazunguzidwa ndi mtengo wa kopa. Mu 2008 mtengo wa tani imodzi unagwa kuchoka pa madola oposa 8,000 kufika cha m'ma 3,000 m'miyezi yowerengeka, mgodi wa ku Luanshya unaima, ndipo anthu masauzande anachotsedwa ntchito ku Copperbelt. Mu 2015 zinabwerezanso, mtengo wa kopa utatsika pa nthawi imene magetsi ankavutanso. Mu 2020, chaka cha Covid-19, chuma cha dziko chinabwerera m'mbuyo, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Zambia inalephera kulipira ngongole yake ina ya kunja. Kuno kummawa tilibe migodi ikuluikulu ya kopa, koma ku Mfuwe malo ogona alendo odzaona nyama ku South Luangwa anakhala opanda alendo, ndipo ophika, oyendetsa magalimoto ndi ochapa anabwerera kumudzi. Pa chipata cha Mwami malonda odutsa malire anachepa. Ulova wa mtundu uwu umadziwika chifukwa umagwira anthu a ntchito zosiyanasiyana nthawi imodzi, ndipo chuma chikadzuka ambiri amaitanidwanso pa ntchito zomwe zija.

Mitundu itatuyi inaganiziridwa m'mayiko amene anthu ambiri amalembedwa ntchito ndi kampani, ndipo akachotsedwa boma limawapatsa kangachepe pamene akufunafuna ina. Kumeneko munthu wochotsedwa ntchito amaonekeradi m'chiwerengero cha malova, chifukwa ali ndi chomudyetsa pamene akuyenda ndi makalata. Kuno kulibe ndalama yotere. Kukhala lova weniweni, wa zinthu zitatu zija, kumafuna munthu wokusunga: bambo a pa ntchito, mlongo wa ku Lusaka wotumiza kanthu pa foni, amalume okupatsa chipinda. N'chifukwa chake malova olembedwa m'mabuku amakhala ambiri achinyamata a m'tauni amene anafika giredi 12 kapena ku koleji. Wamasiye wa ana anayi wa ku Nabvutika sangathe sabata yathunthu osagwira kanthu. Achapa zovala za eni, atunga madzi pomwe akumanga nyumba, aphwanya miyala m'mbali mwa phiri. Umphawi wake womwewo ndi umene ukumutulutsa m'gulu la malova.

Tikayang'ana ku South Africa zimamveka bwino. Dzikolo ndi lolemera kwambiri kuposa Zambia, koma ulova wake wakhala pamwamba pa 30 pa 100 m'zaka zaposachedwa. Mwa zifukwa zake, kumeneko anthu ochepa amalima kapena kuchita timalonda ta m'misewu poyerekeza ndi kuno, ndipo mabanja ambiri amalandira thandizo la ndalama kuchokera ku boma. Wina akangoika 12 wathu pambali pa 30 wawo n'kunena kuti ife zinthu zili bwino, ndiye kuti wawerenga chiwerengerocho chadodolido.

Kuti tione bwino momwe masamuwa amayendera, tiyerekeze mudzi wa m'mphepete mwa tauni, cha ku msewu wopita ku Chadiza, wokhala ndi anthu 100 a zaka 15 kupita m'mwamba. Mudziwu ndi wongopeka, koma kawerengedwe ndi kenikeni. Anthu 20 ndi ana a sukulu, nkhalamba ndi odwala, osafuna ntchito. Anthu 25 amalima chimanga, maungu ndi nyemba zongodya pakhomo, sagulitsa. Anthu 7 sanagwire kanthu sabata yathayi, akufunafuna ntchito ndipo ndi okonzeka. Otsala 48 anagwirako ntchito ya ndalama: 8 ndi a malipiro a pamwezi odulidwa ndalama za penshoni za NAPSA, 40 ndi a ganyu, a tuntemba, opalasa njinga, ogulitsa masamba ndi olima fodya kapena soya wogulitsa.

Gulu logawira ndi 48 kuphatikiza 7, ndiye kuti 55. Malova 7 pa anthu 55 ndi 12.7 pa 100. Chiwerengerochi chikufanana ndi cha dziko lonse, ndipo munthu wa muofesi akachiona sadzidzimuka. Koma m'mudzi wonsewu anthu a malipiro odalirika alipo 8 okha.

Tsono tiwafunse 40 aja mafunso ena awiri: kodi mukadakonda kugwira maola ambiri kuposa amene munagwira, ndipo mukadapezeka ntchitoyo ikadabwera? Tinene kuti 16 mwa iwo anagwira maola ochepa kuposa a sabata yathunthu ya ntchito ndipo ayankha kuti inde. Awa ndi anthu a ntchito yoperewera. Mmisiri womanga amene anapeza ganyu ya masiku awiri yopaka pulasitala, masiku ena onse n'kumangozungulira m'mapuloti ndi chipande chake m'thumba, ali m'gulu limeneli. Tikawaphatikiza ndi malova 7 aja akhala 23 pa 55, pafupifupi 42 pa 100.

Patsala alimi 25 aja. Tinene kuti 10 mwa iwo akufuna ntchito ya ndalama ndipo akhoza kuyamba mawa, koma sanafunefune mwezi wathawu. Mukawafunsa chifukwa ayankha kuti, "Tikafune kuti, bambo? Ya basi yopita m'tauni ndi ndalama ya sopo." Popeza sanachitepo kanthu kufunafuna, lamulo silikuwaona ngati malova. Muyezo wa ILO uli ndi malo awo, umawatcha anthu amene akhoza kulowa m'gulu la antchito. Tikawaika pamwamba ndi pansi pa masamu athu, 7 ndi 16 ndi 10 akhala 33, pa anthu 65. Zimenezi ndi 51 pa 100. Mudzi womwewo, sabata yomweyo, mafunso a pa pepala limodzi lomwelo, koma chiwerengero chimodzi chikuti 13, china chikuti theka la anthu. Zonse ziwiri ndi zoona, kungoti nyuzipepala ndi andale amakonda kutchula choyambacho.

Alimi ongodya pakhomowa ali ndi mbiri yawoyawo. Kale ankawerengedwa kuti ali pa ntchito. Mu 2013 msonkhano wa 19 wa akatswiri a ziwerengero za ntchito, umene ILO imaitanitsa ku Geneva, unasintha lamulo kuti ntchito yowerengedwa ikhale ya malipiro kapena ya phindu basi, kulima kodyetsa banja kukhale m'gulu lakelake. Zambia inayamba kutsata lamulo latsopanoli pa kafukufuku wa 2017. Pa kafukufuku wa 2012 ndi wa 2014 ulova unali pakati pa 7 ndi 8 pa 100, koma mu 2017 unadutsa 12. Mbali yaikulu ya kulumphaku inachokera ku kusintha kwa muyezo, osati kuti anthu anachotsedwa ntchito mwa unyinji chaka chimenecho. M'mudzi wathu wopeka uja, tikabweza alimi 25 m'gulu la antchito monga kale, malova 7 agawidwa ndi 80 osati 55, ndipo ulova utsika kufika pa 8.8 pa 100 popanda munthu ndi mmodzi yemwe kupeza ntchito. Kwa chigawo ngati chathu, chimene mabanja ambiri amadalira khasu, kusintha kumeneku n'kwakukulu, ndipo aliyense woyerekeza ziwerengero za chisanafike 2017 ndi za pambuyo pake ayenera kuyamba wafunsa kuti zinawerengedwa ndi lamulo liti.

Choipa kwambiri n'chakuti chiwerengerochi chikhoza kutsika pa nthawi imene zinthu zikuvuta. Tibwerere kwa malova 7 aja. Patha miyezi 6, mlongo wa ku Lusaka wasiya kutumiza ndalama chifukwa nayenso zamuthina. Awiri atopa, apita kukathandiza agogo kumunda, asiya kufunafuna. Awiri ena akongola ndalama pang'ono, ayala thumba pansi pa Saturday Market n'kuyamba kugulitsa tomato. Malova atsala 3, a pa ntchito akwera kufika 50, gulu lonse ndi 53. Ulova wagwa kuchoka pa 12.7 kufika pa 5.7 pa 100. Pa pepala mudziwu wachita bwino kuposa mayiko ambiri a ku Ulaya.

Koma taonani zimene zachitika pa mzere wa tomato pamsika paja. Ogula sanachuluke. Tinene kuti mayi wina amene anakhalapo kalekale ankagula bokosi pa K300 kwa alimi a kumadimba, n'kuligulitsa m'milu mpaka kupeza K400 m'masiku awiri. Akachotsa ya wonyamula, ya msonkho wa pamsika ndi ya mapepala okulungira, ankatsala ndi K70. Tsopano pamzere pawonjezeka anthu awiri, bokosi lomwelo likutha m'masiku anayi. Tsiku lachitatu tomato wa pansi wayamba kufewa, akumugulitsa motchipa kwa ophika nsima, wina akutayidwa. Phindu latsika kufika pa K30, ndipo likubwera pa masiku anayi m'malo mwa awiri. Mayiyu sanachotsedwe ntchito, ndipo maola ake sanachepe. Amafika mbandakucha, amachoka dzuwa litalowa. Ntchito ya m'misika ili ngati mphika umodzi wa nsima umene alendo akachuluka subweza munthu, kungoti mitanda imachepa.

Apa ndi pamene ngakhale funso la maola lija limalephera. Mayi wa tomato ndi wopalasa njinga uja amakhala pa malo awo a ntchito maola 10 kapena 11 pa tsiku. Nthawi yodikira kasitomala imawerengedwa ngati nthawi ya ntchito, ndipo n'zomveka, chifukwa sangachokepo. Choncho sali m'gulu la malova, salinso m'gulu la ogwira maola ochepa. Wopalasa amene kale ankanyamula anthu 20 pa tsiku ndipo lero akunyamula 6 wakhudzidwa ndi ulova wozika mizu ndithu, wofanana ndi wa munthu wa ku fakitale uja, koma kwa iye waonekera m'thumba osati m'kaundula. Chimodzimodzi ndi kugwa kwa chuma. Mu 2024, chilala chitapsereza chimanga mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko, madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Wowotcherera mageti, wometa tsitsi ndi wa chigayo ankatsegula m'mawa monga mwa masiku onse n'kukhala pakhomo pa shopu kudikira magetsi, ena mpaka kumagwira ntchito pakati pa usiku akabwera. Ola limodzi pa sabata analikwanitsa. Mlimi amene sanakolole sanagule malata, sanasoketse yunifolomu, sanakwere njinga. Kugwa konseku kunadutsa m'matumba a anthu amene m'mabuku anakhalabe "pa ntchito".

M'Zambia anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse amene ali pa ntchito ali pa ntchito zotere, zopanda kalata ya mgwirizano, zopanda tchuthi cholipidwa, zopanda NAPSA. Si onse amene akuvutika. Alipo ogula mbewu, eni magalaja ndi amalonda odutsa pa Mwami amene amapeza kuposa mphunzitsi, ndipo sangalole kusinthana naye. Vuto n'lakuti chiwerengero cha malova chimawaika iwowa m'thumba limodzi ndi mtsikana wogulitsa madzi ozizira pa siteshoni.

Kuno kummawa palinso nkhani ya nyengo, imene mitundu itatu ija siikwanira bwino. Ganyu yopalira imachuluka mu Disembala ndi Januwale, nthawi imene nkhokwe zapepuka, ndipo amene amaigwira nthawi zambiri amasiya munda wake ukumera udzu kuti apeze chakudya cha lero. Kuyambira cha mu Epulo mpaka mu Ogasiti ndalama zimayenda: fodya ali pa msika, thonje likugulidwa ndi kupita ku majinale, soya ndi nshawa zikukwezedwa m'magalimoto, a FRA atsegula madepoti a chimanga. Onyamula matumba, osoka masaka ndi alonda amalembedwa kwa miyezi yochepa. Ikafika Okutobala zonsezi zazilala. Ku Mfuwe misasa yambiri ya m'tchire imatseka mvula ikayamba. Munthu mmodzi yemweyo akhoza kukhala wa pa ntchito mu Juni, lova mu Seputembala, ndi mlimi wongodya pakhomo mu Januwale. Popeza funso limayang'ana masiku 7 okha, yankho limadalira mwezi umene wofunsa wafika. N'chifukwa chake kafukufuku wa masiku ano amachitika kangapo pa chaka, ndipo chiwerengero cha miyezi itatu chiyenera kuyerekezedwa ndi cha miyezi yomweyo chaka chatha, osati ndi cha miyezi itatu yangothayi.

Kusiyanitsa zonsezi kuli ndi ntchito chifukwa mankhwala ake ndi osiyana, ndipo boma likalakwitsa matenda ndalama zimapita pachabe. Ulova wongodikira umachepa ndi uthenga wabwino wa komwe kuli ntchito. Wa kugwa kwa chuma umafuna kuti ndalama ziyambenso kuyenda, mwachitsanzo ntchito zokonza misewu ya kumidzi zolipira anthu pa nthawi ya chilala. Wozika mizu umafuna luso latsopano, koma luso limene lili ndi wogula. Ine ndimakayikira ndikaona achinyamata 30 a dera limodzi akuphunzitsidwa kusoka n'kupatsidwa makina, pamene telala amene alipo kale pamsikapo akuwodzera pa makina ake chifukwa cha salaula. Atelala atsopanowo adzachoka m'gulu la malova, lipoti lidzaoneka bwino, koma chimene chachitika n'chofanana ndi cha pa mzere wa tomato. Pamene vuto ndi kuchepa kwa ogula, chothandiza ndi chimene chimakweza ndalama za mlimi kapena kubweretsa wogula wa kunja kwa chigawo, monga kuyenga mafuta a mpendadzuwa ndi soya konkuno m'malo motumiza mbewu yosakonza ku Lusaka.

Wofuna kudziwa momwe msika wa ntchito ulili ayenera kutsegula lipoti la ZamStats kupitirira tsamba loyamba. Muli chiwerengero cha anthu a pa ntchito poyerekeza ndi anthu onse a msinkhu wogwira ntchito, chimene sichinyengeka ndi anthu otopa kufunafuna. Muli cha ogwira maola ochepa, cha amene akufuna ntchito koma sakuifunafuna, cha achinyamata amene sali pa ntchito kapena pa sukulu, ndi cha a ntchito zopanda NAPSA, ndipo zambiri mwa izi zimagawidwa m'zigawo ndiponso pakati pa tauni ndi midzi. Chiwerengero cha malova chikatsika pamene cha a pa ntchito sichinakwere, ndiye kuti anthu angosiya kufunafuna. Chikatsika pamene a ntchito zopanda NAPSA achuluka, ndiye kuti apita kukayala thumba pamsika.

Chovuta kuyeza kuposa zonse ndi ndalama zimene munthu wodzilemba yekha ntchito amapeza. Wa malipiro a pamwezi amadziwa nambala yake. Mayi wa tomato mukawafunsa kuti, "Amayi, mwezi wathawu munapeza zingati?" akuuzani zimene anagulitsa dzulo, chifukwa mpamba ndi phindu zimakhala pa mfundo imodzi ya chitenje. M'menemo ndi momwe mwachokera ya makala, ya ndiwo za madzulo, ya chilimba ndi ya mwana amene anabwera masana kudzapempha ya kope. Tomato wofewa amene anapita naye kunyumba kukathira m'ndiwo samuwerengera n'komwe. Kuti wofunsa apeze phindu lenileni ayenera kukhala nawo pansi n'kuyamba ndi bokosi lomaliza: analigula zingati, linatha masiku angati, anataya milu ingati, ndipo atabwerera kwa mlimi anakwanitsa kugula bokosi lathunthu kapena theka.